Nsapato za Apwitikizi, Sitima ya Angerezi: Mafunso ndi Mayankho pa Mawu Obwereka ku Mchinji

Boma la Mchinji lachita malire ndi Zambia kumadzulo ndiponso lakhudzana ndi Mozambiki chakumwera. Chichewa chimene chimamveka pamsika wa Kamwendo, ku Kapiri, kwa Mkanda ndi pachipata cha Mwami chili ndi mawu ambiri amene anabadwira kutsidya kwa nyanja. Ena amadziwika msanga kuti ndi alendo, monga pasipoti ndi kasitomu. Ena anazika mizu kalekale moti munthu akhoza kukulumbirira kuti ndi a makolo. Mafunso ali m'munsimu akulondola kumene mawuwo anachokera, zimene ankatanthauza kwawo, ndi zimene ife tinawasandutsa.

Mchinji inalamulidwa ndi Angerezi. Nanga mawu a Chipwitikizi anafika bwanji kuno?

Anafika Angerezi asanaponde n'komwe. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, cha m'ma 1530. Angerezi anadzamanga linga lawo kuno pa nthawi ya nkhondo yawo ndi Angoni a Mpezeni mu 1898, ndipo lingalo ndilo linapatsa boma lino dzina lake lakale la Fort Manning, potengera William Manning, msilikali amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Pakati pa nthawi ziwirizi pali zaka zoposa 350, ndipo m'zaka zonsezo katundu wachilendo ankabwera kuchokera kumwera.

Kumpoto kwa Tete kunali dziko la Undi, ndipo amalonda ankadutsamo ndi nsalu ndi mikanda pofuna minyanga ndi golide. Mu 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete kupita kwa Kazembe, ndipo mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo kudzera m'dziko la Achewa. Gamitto analemba za Mkanda ngati mfumu yamphamvu pakati pa Achewa a kuno, ndipo dzina limenelo likadalipo mpaka lero m'boma la Mchinji.

Komabe mawu ambiri sanachoke pakamwa pa Mpwitikizi n'kulowa m'khutu la Mchewa. Amene anawasenza ndi Asena, Anyungwe ndi Achikunda, omwe ankanyamula mitolo, kusaka njovu ndi kusinthanitsa katundu m'midzi. Mawuwo ankafika kuno atafewetsedwa kale ndi malilime a anthu akuda anzathu, n'chifukwa chake sakumveka achilendo.

Ena amaganiza kuti mawuwa anabwera ndi anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki, imene inatha mu 1992. Umboni wotsutsa maganizo amenewa uli m'nyumba zambiri. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, lili kale ndi nsapato, kalata, bulu, vinyo, zenera, kama ndi magaleta. Omasulira ake sanali Apwitikizi. Anawapeza mawuwo akuyankhulidwa ndi anthu, ndipo anawalemba ngati Chinyanja chenicheni.

Ndingadziwe bwanji kuti mawu awa ndi a Chipwitikizi, awo ndi a Chingerezi?

Choyamba mverani kamvekedwe. Chipwitikizi chili ndi liwu limene amalilemba "nh", ndipo limamveka ngati "ny" wathu. Mawu awo akuti "vinho" amatchulidwa pafupifupi ngati mmene ife timatchulira vinyo. Chingerezi chimati "wine", ndipo mawu amenewo akanatipatsa waini. Chimodzimodzi amalinyero, oyendetsa ngalawa aja, anachokera ku "marinheiro", kutanthauza munthu wogwira ntchito panyanja.

Chachiwiri onani mathero. Mawu ambiri a Chipwitikizi amatha ndi "ão", liwu lotulukira m'mphuno limene ife tinaliwongola kukhala "awo". Kapitawo ndi "capitão". Pamene Chingerezi chili ndi mathero akeake amene ife timawasandutsa "ala": "border" inakhala bodala, "driver" dalaivala, "messenger" mesenjala, "tyre" tayala. Mukamva "ala" kumapeto kwa mawu obwereka, kawirikawiri muli m'dera la Chingerezi.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho cholimba koposa, funani liwu limene lili m'chiyankhulo chimodzi koma m'chinacho mulibe. Tengani makina. Angerezi amati "machine", ndipo pakati pake pamamveka "sh", n'chifukwa chake tili ndi mashini. Apwitikizi amati "máquina", pakati pake pamamveka "k". Ndiye kuti makina ndi mashini ndi chinthu chimodzi chimene tinachibwereka kawiri, pa nthawi zosiyana, kwa anthu osiyana. Zenera ndi windo zilinso chimodzimodzi: loyambalo ndi "janela" wa Apwitikizi, lachiwirilo ndi "window" wa Angerezi.

Kobiri ndi chitsanzo china chabwino. Chitsulo chofiira chija Angerezi amachitcha "copper", ndipo mawu amenewo ndiwo anabala Kopala, dzina limene anzathu a ku Zambia amatchulira chigawo chawo cha migodi. Apwitikizi amachitcha "cobre". Mu kobiri muli "b" ndi "r" motsatizana ngati mmene zilili mu "cobre". Kwawoko mawuwa ankatchulanso tindalama tachitsulo chofiiracho, ndipo kuno anayamba kutanthauza kandalama kakang'ono, mpaka lero tikamati makobiri tikutanthauza ndalama zilizonse, ngakhale zapepala kapena za pafoni.

N'chifukwa chiyani timati nsapato ndi mbatata, pamene eni ake amati "sapato" ndi "batata"?

Chifukwa m'Chichewa dzina lililonse liyenera kukhala ndi gulu lake, ndipo gululo ndilo limalamula agwirizanitsi. Mawu achilendo akafika, timawayang'ana kumaso n'kuwapezera abale. "Sapato" tinamuika pamodzi ndi nsalu ndi nsomba, tinamuwonjezera "n", ndipo anayamba kuyenda ngati iwo: nsapato iyi, nsapato izi. "Batata" anapita kwa mbale ndi mbuzi. "Bandeira" anakhala mbendera, ndipo "jogar", kutanthauza kusewera, anakhala njuga.

Nthawi zina sitiwonjezera kanthu, koma timamva mutu wa mawuwo ngati mphatikiram'mbuyo wathu. Chisoti Apwitikizi amachitcha "chapéu". Makolo athu anamva "chi" kumayambiriro, anati chipewa, ndipo zikachuluka zinakhala zipewa. Kwa Mpwitikizi kusintha kumeneku n'kosamveka, chifukwa "cha" wa mu "chapéu" si chiwalo chochotseka. "Máquina" ndi chinthu chimodzi, koma "ma" wake anatikumbutsa madzi ndi mafuta, choncho timati makina awa ngakhale tikuloza amodzi osokera. Mango nawo anamveka ngati ambiri, moti anthu ena akafuna kutchula chipatso chimodzi amati bango, mawu amene kulibe m'Chingerezi ngakhale m'Chipwitikizi.

Ku Chingerezi kunachitika zosiyana. Angerezi amasonyeza kuchuluka poika "s" kumapeto, ndipo ife tinameza "s" ameneyo pamodzi ndi mawuwo. "Buns" ndi ambiri, koma ife timati banzi limodzi, kenaka timachulukitsanso: mabanzi. Sokosi, machesi, tchipisi ndi anyezi anabwera chimodzimodzi. Zimenezi zikusonyeza kuti mawuwa anaphunziridwa ndi makutu, m'sitolo ndi m'khitchini, kumene zinthuzo zinkatchulidwa zili zambiri, osati m'kalasi.

Kodi n'zoona kuti fodya poyamba ankangotanthauza tsamba?

Inde. "Folha" m'Chipwitikizi ndi tsamba lililonse, la mtengo ngakhale la buku. Liwu limene amalilemba "lh" limamveka ngati "ly", choncho mawuwa amatchulidwa pafupi ndi "folya", ndipo kuchoka pamenepo kufika pa fodya ndi phazi limodzi. Mbewuyi kwawo ndi ku Amereka, ndipo inafika m'dera lino kudzera m'malonda a Apwitikizi. Pa masamba onse, limene linkagulitsidwa kwambiri ndi ili, choncho linatenga dzina la masamba onse.

Popeza Mchinji ndi boma la fodya, tiyeni titenge chiganizo chimodzi chimene chingamveke pa esiteti iliyonse m'mwezi wa Epulo, tichisende mawu amodziamodzi: "Kapitawo wauza matenanti kuti adinde fodya pa jeke, mabelo apite ku okushoni."

Kapitawo, monga taonera, ndi "capitão". Kwawo ameneyu ndi mkulu woyendetsa chombo kapena mkulu wa gulu la asilikali. M'minda ikuluikulu ya Apwitikizi ya m'chigwa cha Zambezi, udindowu unkaperekedwanso kwa anthu akuda otsogolera anzawo. Azungu a m'minda ya ku Nyasaland anawapeza mawuwa akugwira kale ntchito, ndipo nawonso ankawagwiritsa ntchito potchula woyang'anira antchito. Chombo ndi asilikali zinatsala m'njira, kunatsala munthu woitana mayina m'mawa ndi kuyeza ndime.

Tenanti ndi "tenant" wa Chingerezi, munthu amene amalipira lendi kuti akhale m'nyumba kapena alime pamalo a wina, ndipo zokolola zimakhala zake. Tenanti wa kuno anali wina. Mwini esiteti ankamupatsa munda, feteleza ndi chimanga chodya pa ngongole, iye ndi banja lake ankalima fodya, pomaliza ankamugulitsa kwa mwini esiteti yemweyo pa mtengo umene mwiniyo wakonza, ndipo ngongole inkachotsedwa pomwepo. Dzinalo linkamveka ngati la munthu wodziimira payekha, koma linkabisa wantchito wosalandira malipiro a pamwezi. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa dongosolo limeneli, koma mawuwo akadali pakamwa.

Jeke ndi "jack", chida chokwezera chinthu cholemera monga galimoto. Pa fodya chida chomwecho chimagwira ntchito mozondoka: chimapanikizira masamba pansi m'bokosi kuti athinane. Belo ndi "bale", mtolo womangidwa zolimba, ndipo tanthauzo lake silinasinthe, kungoti pano lafikanso ku kaunjika. Okushoni ndi "auction", njira yogulitsira malonda kwa amene watchula mtengo woposa anzake. Kwa mlimi wa ku Mchinji okushoni ndi malo, ku Kanengo kuja, ndipo amanena kuti fodya wapita ku okushoni ngakhale wagulitsidwa pa kontirakiti, popanda kupikisana kwa ogula.

M'chiganizo chimodzichi mawu awiri, fodya ndi kapitawo, ndi a Chipwitikizi, ndipo anayi ndi a Chingerezi. Mbewu ndi woyang'anira anthu ndi zakale, za ku Zambezi. Chida, mtolo, msika ndi mgwirizano wa ntchito ndi za nthawi ya Angerezi ndi pambuyo pake. Aneni okha, kuuza, kudinda ndi kupita, ndiwo athu chibadwire.

Ganyu ndi geni zikumveka ngati zapachibale. Pali ubale wanji?

Ubale wake ndi wakuti kwawo mawu onsewa amatanthauza chinthu chimodzi: phindu. Ganyu anachokera ku "ganho" wa Chipwitikizi, chimene munthu wapeza kapena wapata, kuchokera ku mneni "ganhar", amene amatanthauza kupeza malipiro ndiponso kupambana. Mulinso zizindikiro zija: "nh" anakhala "ny", ndipo "o" wakumapeto Apwitikizi amamutchula ngati "u", monganso mu "burro" amene anatipatsa bulu. Geni ndi "gain" wa Chingerezi, kutanthauza kupeza zoonjezera pa zimene unali nazo.

Atafika kuno anagawana ntchito. Ganyu ndi kugulitsa mphamvu zako kwa tsiku limodzi kapena angapo: kupalira, kubandira, kuumba njerwa, kutsitsa matumba m'lole. Mtengo mumapangana poyang'ana mizere kapena ndime, ndipo malipiro akhoza kukhala ndalama, chimanga, ngakhale madeya. Amachuluka kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, nkhokwe zikatha, ndipo ndi nthawi yomweyo imene munda wa mwini ganyuyo ukufuna khasu. N'chifukwa chake mawu amene kwawo amanena za kupambana, kuno amakumbutsa njala. Tanthauzo linasamuka kuchoka pa malipiro kupita pa ntchito yobweretsa malipirowo.

Geni anayenda njira yomweyo. Sitinena za phindu lenilenilo koma za kabizinesi kofunira phindulo: kugulitsa mandasi, tomato, mtedza wokazinga, kapena zitenje zokatenga ku Chipata. N'zotheka m'Chichewa kunena kuti geni yanga ilibe phindu, ndipo aliyense amva. M'Chingerezi chiganizo chotero chingadzitsutse chokha. Wageniyo amatinso wapita kukaoda, mawu ochokera ku "order", kuitanitsa katundu. Kwa ife kuoda ndi kupikula, kugula zambiri pa mtengo wotsika n'cholinga chokagulitsanso, ngakhale katunduyo wamunyamula wekha pamutu.

Ndi mawu ena ati a Chipwitikizi amene anasiya tanthauzo lawo m'njira?

Kachasu ndi amodzi mwa iwo. "Cachaça", amene amatchulidwa ngati "kashasa", ndi mowa waukali wa ku Brazil wotchezedwa kuchokera ku madzi a nzimbe. Brazil ndi Mozambiki onse anali m'manja mwa Apwitikizi, ndipo zombo zinkalumikiza maiko awiriwa. Kuno dzina linatsalira pa njira yophikira, ya kutcheza nthunzi kudzera mumpope mpaka idonthe m'botolo, koma zopangira zinasintha. Wa kuno amachokera ku madeya ndi shuga, kapena ku zipatso monga masawu kumene amapezeka.

Dona m'Chipwitikizi ndi mawu aulemu oikidwa patsogolo pa dzina la mayi, ndiponso amatanthauza mayi mwini nyumba kapena mwini katundu. M'chigwa cha Zambezi munali madona enieni, amayi amene ankalandira minda ikuluikulu ngati cholowa ndipo ankalamulira anthu ambirimbiri. M'nthawi ya atsamunda mawuwa anasamukira kwa mkazi wa bwana wachizungu, ndipo lero wantchito wa m'nyumba amati adona potchula mayi womulemba ntchito. Tanthauzo la umwini ndi ulamuliro ndilo linapulumuka.

Njuga inachita kufupika. "Jogar" ndi kusewera masewera alionse, ngakhale mpira. Ife tinasunga masewera amodzi okha, obetcherana ndalama, n'chifukwa chake mawu osalakwa kwawo kuno ali ndi mbiri yoipa. Mbatata nayo ili ndi nkhani yake. Ku Portugal lero "batata" payekha ndi kachewere, ndipo yotsekemerayo amachita kuiwonjezera mawu ena. Kwathu zinatembenuka: mbatata payokha ndi ya kholowa, ndipo inayo ndiyo timachita kuifotokozera. Apwitikizi nawonso mawuwa anawabwereka kwa anthu a ku zilumba za Karibiyani, ndipo kumeneko ankatchula yotsekemera yomweyi. Pamenepa Chichewa chinasunga tanthauzo loyambirira kuposa amene anatibweretsera.

Nanga a Chingerezi, amene timawamva tsiku ndi tsiku, angasocheretse munthu?

Amasocheretsa kwambiri, chifukwa timaganiza kuti tikuwadziwa. Sitima ndi "steamer", chombo choyendera nthunzi. Choyamba pa nyanja ya Malawi chinali Ilala, chimene amishoni a ku Scotland anabwera nacho mu 1875. Njanji itafika, chinthu chatsopanocho chinkafuka utsi ndi kulira ngati chombo chija, ndipo chinatchedwa sitima yapamtunda. Njanji inafika ku Mchinji mu 1980 ndipo inalumikizidwa ndi Chipata mu 2010. Zoyenda pa njanji imeneyi ndi za dizilo, nyanja ili kutali, koma dzina la chombo cha nthunzi ndilo limatchulidwa.

Keyala anachokera ku mawu awiri, "care of", amene amalembedwa pa envelopu posonyeza kuti kalatayo idzere m'manja mwa munthu wina. Anthu a kumudzi analibe mabokosi awoawo ku positi ofesi. Kalata yochokera ku Joni kapena ku Halale inkadzera kwa mphunzitsi wamkulu, ku mishoni, kapena kwa mwini sitolo, ndipo mzere umenewo ndiwo unali wofunika pa envelopu yonse. Choncho kachigawo kamodzi kanatenga dzina la zonse. Onaninso kuti mu chiganizo chakuti "lembani keyala pa kalata" mwakumana mafuko awiri, popeza kalata ndi "carta" wa Apwitikizi.

Okala ndi "hawker", munthu woyenda ndi malonda khomo ndi khomo. Kuno dzina la munthu linasanduka dzina la kanyumba, ndipo woyendayenda uja anakhala pansi n'kumagulitsa sopo ndi machesi pazenera. Ndipo pabwalo la milandu mukamva kuti a Gulupu afika, mawuwo ndi "group", kutanthauza gulu, chidutswa cha dzina la udindo wa mfumu yoyang'anira midzi ingapo pansi pa mfumu yaikulu. Mawu otchula anthu ambiri anakhala ulemu wa munthu mmodzi.

Kodi mawu onse omveka ngati Chingerezi tinawatenga kwa Angerezi enieni?

Ayi. Ambiri anazungulira kumwera kaye. Amuna a dziko lino ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Rodeshiya, ndipo kumeneko ankayankhula Chifanakalo, chiyankhulo cha pantchito chosakaniza Chizulu, Chingerezi ndi chiyankhulo cha Mabunu. Dzina lakuti Wenela linachokera ku zilembo WNLA za bungwe lolemba anthu a m'migodi, limene boma la Dr. Banda linaliimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70.

Fosholo akusonyeza bwino njira imeneyi. Gwero lake ndi "shovel", koma malembo ake anasinthana malo: "sh" amene ali kumayambiriro m'Chingerezi ali pakati, ndipo "f" wabwera kutsogolo. Kusinthaku kulinso m'Chizulu ndi m'Chifanakalo, choncho mawuwa anabwera ndi anthu obwerera kumudzi atatembenuzidwa kale. Duku, buluku ndi nachesi si Chingerezi n'komwe: ndi "doek", "broek" ndi "naartjie" a Mabunu, kutanthauza nsalu, thalauzi ndi kachipatso kofanana ndi lalanje kaja. Lalanjelo ndi la Apwitikizi, "laranja".

Pamalire ngati pano palinso njira yachitatu, yochokera m'matauni a Zambia. Komboni, kuchokera ku "compound", malo a nyumba za antchito, amamveka kwambiri tsidya ilo, ndipo chimene wa ku Mchinji amati ganyu mnzake wa ku Lusaka nthawi zambiri amati pisiweki. Munthu wa makutu akuthwa amatha kudziwa kumene mlendo wakulira pongomva mawu obwereka amene wasankha.

Ndinamva kuti boma ndi chidule cha mawu a Chingerezi. Kodi n'zoona?

Si zoona, ngakhale kuti nkhaniyi imakambidwa kwambiri, mpaka m'masukulu. Amati zilembo zinayizo zikuimira "British Overseas Military Administration". Koma boma ndi mawu a Chiswahili otanthauza mpanda kapena linga, ndipo apaulendo achizungu monga Stanley ankawalemba m'mabuku awo dziko lino lisanakhale m'manja mwa Angerezi mu 1891. Maofesi oyamba a atsamunda anali m'malinga, monga la Fort Manning, choncho dzina la mpanda linakhala dzina la malowo, la dera lonse, ndiponso la ulamuliro.

Phunziro lake ndi lakuti kufanana kokha si umboni. Basi yokwera ndi "bus" wa Chingerezi, koma basi yothetsa nkhani ndi ya Chiswahili, monganso bwana ndi sefuliya. Ndalama zimalondoleka ku "dirham" wa Aluya. Mawu asanaweruzidwe ayenera kuyesedwa patatu: kodi kamvekedwe kakutsata njira imene mawu ena anatsata, kodi tanthauzo likulumikizika popanda kulikakamiza, ndipo kodi anthu a ziyankhulo ziwirizo anakumanadi pa chinthu chimenecho?

Njirayi ilinso ndi polekezera. Chipatala anachokera ku "hospital", ndipo tinam'patsa "chi" ndi "zi" ngati chipewa. Koma Angerezi ndi Apwitikizi onse amalemba mawuwa chimodzimodzi, choncho kamvekedwe pakokha sikangasankhe mwini. Pa mawu otere woweruza ndi mbiri ya chinthucho ndi mabuku akale, osati khutu.

Kodi tiziwasunga mawu amenewa, kapena tizifuna athuathu?

Funsoli akhala akulimbana nalo a Chichewa Board kuyambira mu 1972, ndi a Centre for Language Studies ku Zomba amene analowa m'malo mwawo mu 1996 n'kutulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Yankho langa ndi ili: mawu amene alowa m'gulu la mayina, amene amachulukitsidwa ndi kulandira agwirizanitsi athu, ndi Chichewa basi. Palibe angachotse nsapato, fodya kapena ganyu osagwetsa khoma. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sitibwereka mwachisawawa: mayina a miyezi tinatenga kwa Angerezi, koma masiku tinapanga tokha, Lolemba mpaka Loweruka, ndipo zovala zakale titaziona zitaunjikidwa pamsika tinati kaunjika, anzathu a ku Zambia nati salaula.

Chofunika kusamala ndi kusiyana kwa tanthauzo. Mwana wa ku Mchinji amene alemba m'mayeso a Chingerezi kuti amayi ake amachita "gain", kapena kuti anakwera "steamer" kupita ku Chipata, salakwa chifukwa cha ulesi. Watenga tanthauzo la kuno n'kulibwezera kwa eni mawu, kumene silikudziwika. Womasulira m'khoti amene amva tenanti n'kunena "tenant" osafotokoza za ngongole ya feteleza ndi chakudya, wasandutsa wantchito kukhala wochita lendi, ndipo mlandu ukhoza kupotoka. Wamalonda wowolokera ku Mozambiki amene anena za kachasu, ganyu kapena njuga akuganiza kuti akuyankhula Chipwitikizi, adzamveka theka lokha. Mphunzitsi, womasulira ndi wolemba aliyense ayenera kudziwa matanthauzo onse awiri, la kwawo ndi la kuno, ndi kuphunzitsa ana kuti mawuwa ali ndi mbiri imodzi koma ntchito ziwiri.